Mapiritsi Ofiira a Mayi Lucy

Esteri anali woti atuluka m'chipatala mawa lake, ndipo anganga ake, a Janeti, anali atavomera kale chinthu chimene sanachimvetse. M'mawa umenewo nesi wamkulu wa ku wodi ya amayi anaima kumiyendo kwa bedi, naonetsa piritsi lofiira pachikhatho, n'kunena mothamanga ngati munthu amene basi ikumusiya kuti Esteri akafika kumudzi azikamwa limodzi katatu pa tsiku akatha kudya, kuti magazi abwerere m'thupi. Atafunsa ngati amva, a Janeti anaomba m'manja mwaulemu n'kuyankha kuti amva. Wovala yunifolomu umamuyankha zimene akufuna kumva. Zotsalazo umakatafuna wekha kuseri.

Esteri anali mdzukulu amene a Janeti anamulera okha kuyambira ali wokwawa. Mwamuna wake, Lenard, anali ku matenanti a fodya kuchigawo chapakati, ndipo mwana anabadwa iye kulibe. Anabadwira m'nyumba, kumudzi kwawo kufupi ndi Milonde, koma magazi anakana kuleka mpaka anthu anachita kumunyamula Esteri pamachira kukafika naye kumsewu. Pofika pachipatala cha mishoni zikhatho zake zinali mbuu ngati ufa wa makaka, chinangwa choyanika chija. Anachira, inde, koma akaimirira msanga ankagwira khoma.

Kuchipatala chakudya chinkabwera katatu, belu likalira. Kumudzi kunalibe belu. Unali mwezi wa Febuluwale, nkhokwe inali itayera Khirisimasi isanafike, ndipo moto pakhomo pa a Janeti unkayaka kamodzi, dzuwa likapendeka, pophika makaka kapena nyemba za kalongonda. Ndiye katatu akatha kudya kameneka kanali kotani? Akamupatsa atatu onse madzulo pakudya kumodziko? Amake Hudson, oyandikana nawo nyumba, anachitapo zimenezo ndi mapiritsi ngati omwewa, anasanza mpaka kutuluka misozi, otsalawo n'kuwataya kudzala. Akamupatsa limodzi lokha? Ndiye kuti magaziwo abwerera liti? Koma zomupatsa m'mimba muli gwa, zimenezo ndiye ayi. Aliyense amadziwa kuti mankhwala achizungu akapeza m'mimba mopanda kanthu amayamba kudya mwini wake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma amene ananena mawuwo sanakhaleko zaka zimenezo za chipani chimodzi. Kufunsa funso limeneli kunali kuulula kuti kwanu mumadya kamodzi, ndipo kudya kamodzi kuli ndi dzina lake, dzina limene silinkatchulidwa. Boma linali litanena kuti m'dziko muno anthu akukhuta. Bambo wina analitchula dzinalo pamsika wa Milonde atalawa kachasu, galimoto inabwera kudzamutenga, ndipo pobwerako patapita zaka anali munthu wongoyang'ana pansi. Makamaka anthu amene makolo awo anachita kuwoloka kuchokera ku Mozambiki, monga a Janeti, ankakumbutsidwa kawirikawiri kuti malire sali patali. Choncho a Janeti anatseka pakamwa, natola matewera a khanda kupita nawo kumpopi.

Mpopiwo unali kuseri kwa khitchini ya odikira odwala, moyang'anana ndi mtengo waukulu wa mango. Akuchapa choncho anaona atsikana ophunzira unesi akutuluka m'kalasi mwawo, ena atanyamula benchi, wina mpando, poti m'katimo munkatentha malata. Kumbuyo kwawo kunkabwera mphunzitsi wawo, Sisita Doris, mayi wamfupi wa magalasi, atakumbatira mapepala. Chapatali pang'ono Pilato ankatchetcha udzu. Pilatoyu anali wantchito wapabwalo, koma ndi yemwenso ankaima pageti kufunsa makadi a chipani, ndipo baji yake sinkachoka pachifuwa ngakhale atavala ovolosi yong'ambika. A Janeti anali atauza kale Esteri kuti munthu ameneyo akamadutsa pawindo azikamba za mvula basi.

Sisita anagawa mapepala aja nafotokoza, mawu ake akumveka bwinobwino mpaka kumpopi. Anati papepalapo analembapo kasewero ka anthu awiri, nesi ndi mayi amene akutuluka m'chipatala ali ndi mantha ndi mankhwala amene wapatsidwa. Wina akhala nesi, wina wodwala, ndipo otsalawo aziona ngati nesiyo wapereka moni, wakhala pansi molingana ndi wodwala, wafunsa chimene chikumuopsa, waonetsa mankhwalawo, ndiponso ngati pomaliza wamupempha wodwalayo kuti abwereze ndi pakamwa pake. Anasankha Lizzie, mtsikana wamtali wamanyazi, kuti akhale nesi, namukumbutsa kuti mawa akachita zomwezo kuwodi ndi munthu weniweni. Wodwala anasankha Jenifer, amene anaonekeratu kuti ndi katswiri wa nthabwala m'kalasimo.

Jenifer anadzikulunga chitenje pamwamba pa yunifolomu, napinda thaulo n'kulifukata ngati khanda. Kenaka anakhala pabenchi chopendekera, nagwira pamimba, n'kuyamba kubuula ngati mayi wotha magazi. Anzake anagwa nacho chiseko.

A Janeti sanadziwe kuti tewera analisiya nthawi yanji. Anangozindikira ali pansi pa mtengo, manja akudontha madzi, akuuza mtsikanayo kuti atsike pabenchipo msanga. Anamufunsa ngati anaberekapo. Jenifer atapukusa mutu, anamuuza kuti matenda sayerekezedwa, chifukwa amamva ngati akuitanidwa ndipo amabwera. Kuti mtsikana amene njira ya uchembere ikadali kutsogolo kwake sangamabuule kubuula kumeneko masana dzuwa likuswa mtengo. Ndipo kuti thaulolo alifunyulule asanalitchule kuti mwana. Atatha kulankhula ndi pamene anakumbukira kuti akudzudzula ana a sukulu pamaso pa mphunzitsi wawo. Anagwada n'kuyamba kupepesa.

Sisita Doris sanakwiye. Anawayang'ana pamwamba pa magalasi, nawafunsa ngati munthu amene anasiya kubereka angaitanenso matenda a uchembere. A Janeti anayankha kuti kwa wotero matendawo alibe polowera.

"Ndiye khalani ndinu pabenchipo, anganga, mumupulumutse mwanayu."

Anakana. Anati sanapiteko kusukulu, pepala kwa iwo ndi loyatsira moto, komanso matewera akuwadikira. Sisita anati kuwerenga awerenga ndi Jenifer, aziwanong'oneza kukhutu, iwo azingobwereza. Akakana, Jenifer abwerera pabenchi, poti phunziro silingaime. Apa a Janeti anaona kuti adzitchera okha msampha. Anapukuta manja kuchitenje nakhala kunsonga kwenikweni kwa benchi, koma thaulo lija anakana kulifukata.

Lizzie anayamba ataimirira, maso ali papepala. Sisita anatsokomola, mtsikanayo n'kukumbukira kukoka mpando ndi kukhala. Anapereka moni, natchula dzina lake, nafunsa kuti Mayi Lucy akupeza bwanji lero. Jenifer ananong'oneza yankho.

"Akuti ndikuopa, anesi," anatero a Janeti.

Atsikana aja anaseka mpaka wina anakhala pansi. Jenifer anati anganga awa akufuna kumubweza pabenchi mochenjera. Sisita anawatontholetsa, nafotokozera a Janeti kuti asamanene kuti akuti, chifukwa pabenchipo iwo si a Janeti ayi, ndi Mayi Lucy, ndipo chilichonse chotuluka pakamwa pawo ndi cha Lucy. A Janeti sanafune kuvala dzina la munthu amene sakumudziwa. Anafunsa kuti Lucy ameneyu ndi mwana wa yani, kwawo n'kuti, ndipo ngati abale ake akudziwa kuti dzina lake likuseweretsedwa kuno. Sisita anayankha kuti Lucy alibe mudzi, alibe mfumu, alibe mbale. Anachita kumupeka yekha usiku wina akulemba phunziroli, ndipo ngakhale munthu atayenda kuchokera ku Nkando mpaka ku Muloza akufunsa khomo ndi khomo, sangamupeze.

A Janeti anasinkhasinkha za munthu amene sangapezeke. M'moyo wawo wonse anali asanamvepo za munthu wamwayi chotero.

Sewero linapitirira. Lizzie anafunsa chimene chikumuopsa Mayi Lucy, ndipo Jenifer ananong'oneza kuti akuopa kuti mankhwala alowa m'mkaka n'kupweteka mwana. Limeneli a Janeti analinena ndi mtima wonse, poti linali limodzi mwa mantha awo. Lizzie anawerenga yankho lake, kuti mapiritsiwa sapweteka khanda ndipo mayi apitirize kuyamwitsa. Kenaka anatsegula kabotolo, nathira piritsi limodzi pachikhatho n'kuwaonetsa. Linali lofiira, losalala ngati switi, lomwe lija la m'mawa.

Lizzie anawerenga pang'onopang'ono kuti awa ndi oonjezera magazi, azimwa limodzi m'mawa akatha kudya, limodzi masana akatha kudya, limodzi madzulo akatha kudya. Anakweza maso nafunsa ngati Mayi Lucy amva. Kukhutu kwa a Janeti kunabwera mpweya wofunda wa Jenifer: "Ndamva, anesi, zikomo."

Anawamva mawuwo bwinobwino. Anali omwe aja anawanena okha m'mawa. Anayang'ana piritsi lija, nayang'ana kuwindo la wodi kumene Esteri anagona, n'kumvetsera chikwakwa cha Pilato chikudya udzu kumbuyo kwawo. Jenifer anabwerezanso, poganiza kuti nkhalamba sinamve.

"Anesi," anatero a Janeti, "ine Lucy, kwathu moto umayaka kamodzi, madzulo. Nanga awiri enawo ndizikamwera chiyani?"

Palibe anaseka. Lizzie anafunafuna papepala, nalitembenuza, koma kuseri kunalibe kanthu. Mtsikana wina amene anaima kumapeto anayang'ana nsapato zake. Ndipo chikwakwa chija chinali chitaleka kulira. A Janeti sanacheuke, koma msana wawo unkamuona Pilato ataimirira, atatsamira mpini. Anayamba kuwerengera mumtima amene angatsale ndi Esteri ndi khanda ngati galimoto itabwera, ndipo sanapeze munthu.

Sisita Doris anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya malaya mosafulumira. Kenaka analankhula mokweza kuposa mmene pankafunikira. Anati anaiwala kuwauza atsikanawo kuti Mayi Lucy ndi mayi wotanganidwa, wa ganyu yothyola tiyi, amene amalawirira kusanache n'kubwerako dzuwa litalowa, moti nthawi yosonkha moto amaipeza madzulo okha. Anafunsa a Janeti ngati si choncho.

"Ndi momwemo. Tiyi ameneyu satipatsa mpata."

Pilato anaseka chapansipansi, nati amayi amasiku ano ndi ulesi basi, chakudya chili mbwee m'dziko muno koma kuphika ndiye ayi. Sisita anamuvomereza kuti wanena zoona, namupempha kuti akamaliza apo akatchetchenso kuseri kwa nyumba yochapira, poti kwaoneka njoka. Chikwakwa chinayambanso kulira, chikunka chitalikira.

Apo Sisita anauza Lizzie kuti aike pepala pansi, chifukwa wodwala wafunsa ndipo akudikira. Lizzie anaulula kuti sakudziwa. Iye ankayesa kuti mawu oti akatha kudya ndi lamulo la mankhwalawo. Sisita anafunsa kalasi yonse chifukwa chake mapiritsi a magazi amanenedwa kuti azimwedwa pambuyo pa chakudya. Wina anati kuti agwire ntchito msanga. Jenifer anati kuti asawawe. Sisita anapukusa mutu nafotokoza kuti mapiritsi amenewa safuna chakudya kuti agwire ntchito, ndipo kunena zoona amalowa bwino m'thupi m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Chakudyacho ndi mphasa chabe yoyalira m'mimba, chifukwa anthu ena amamva nseru kapena kupotokola akamwa osadya. Mankhwala ena alipo ofunadi chakudya, ena ofuna m'mimba mopanda kanthu, n'chifukwa chake nesi ayenera kudziwa chifukwa cha mawu alionse amene akuuza munthu. Atatero anabwerera m'mbuyo, namusiya Lizzie ndi wodwala wake.

Lizzie anatembenukira kwa a Janeti. Popanda pepala manja ake anasowa pokhala, mpaka anangowaika pamaondo. Koma mawu amene anatuluka tsopano anali ake, a Chichewa cha kwawo. Anauza Mayi Lucy kuti asamawerengere kudya, aziwerengera dzuwa: limodzi likamatuluka, limodzi likafika pamutu, limodzi likamalowa. Azimwera madzi. Ngati pali kanthu kotafuna, kaya ndi nthochi, kaya kachidutswa ka chinangwa, adye kuti mtima usachite nseru, koma ngati palibe amwe ndithu.

A Janeti anamuyang'anitsitsa. Anafunsa ngati mapiritsiwo sakadya matumbo. Lizzie anacheukira kwa Sisita, koma Sisita ankayang'ana mumtengo. Ndiye anayankha yekha kuti sadya matumbo. Nseru ikhoza kubwera masiku oyamba, ndipo ikakula kwambiri asawataye, abwere kuchipatala adzanene, pali njira yochepetsera.

Munthu amene wapeza khomo lotsegula sabwerera ndi katundu kumutu. A Janeti anayamba kutula mafunso onse amene anagona nawo, lililonse akuliyamba ndi dzina la Lucy. Bwanji Lucy atamwa atatu onse madzulo kuti asavutike? Lizzie anati ayi, ndiye kusanza kumene, ndipo thupi silingalandire onsewo nthawi imodzi. Nanga akaiwala la masana? Amwe akakumbukira, koma ngati dzuwa lapendeka kale alisiye, madzulo amwe limodzi lomwelo, osaphatikiza awiri. Nanga poti Lucy ndi wa ku tiyi, angamwere tiyi wopanda shuga? Apa Lizzie anadodoma, ndipo anayankha ndi mtsikana uja wa kumapeto, kuti tiyi amatsekereza mankhwalawa kulowa m'magazi, ndi bwino papite nthawi pakati pa piritsi ndi tiyi. Jenifer anati boma lonse la Mulanje lamva chisoni ndi nkhani imeneyo, ndipo chiseko chinabwereranso pansi pa mtengo, chopepuka.

Lizzie anatolanso pepala lija kuti aone zimene zatsala, ndipo zinalipo zofunika zimene a Janeti sakanaziganiza. Anawauza kuti chimbudzi chidzasanduka chakuda bii, koma asadzaope, ndi mmene mankhwalawa amachitira. A Janeti anagwira pakamwa. Anati chikhala kuti sanauzidwe, tsiku loyamba lomwelo akanawataya mapiritsiwo n'kuthamangira kwa sing'anga, poti chakuda chotuluka mwa mayi wa khanda sichionedwa kawiri. Lizzie anapitiriza kuti awabise patali ndi ana, chifukwa amaoneka ngati switi ndipo mwana akameza ambiri akhoza kufa. Anatinso magazi akayambiranso kutuluka kwambiri, kapena thupi likatentha, kapena mpweya ukamabanika, asadikire kuti mapiritsi athe, abwere tsiku lomwelo.

Potsiriza anapempha Mayi Lucy kuti abwereze zonse ngati akuuza mnzawo kumudzi. A Janeti anaona ngati akuyesedwa nzeru, koma Sisita anati woyesedwa ndi nesi, kuti aone ngati wafotokoza zomveka. Anabwereza, akuloza kum'mawa, kumwamba ndi kumadzulo. Za madzi, za tiyi, za chimbudzi, za ana, zonse anazigwira. Kenaka anawonjezera kuti zikhatho zikafiira ndipo chizungulire chikatha, otsalawo awasunge pabwino kuti adzathandize tsiku lina.

"Pamenepo ndiye ayi, mayi," anatero Lizzie, ndipo kanali koyamba kumwetulira. "Mukayamba kupeza bwino m'pamene nkhokwe ya magazi yayamba kumene kudzaza. Mumalize onse, ndipo akatsala pang'ono mubwere tidzakuoneni, tidzakupatseni ena. Ndi ulendo wa miyezi."

A Janeti anavomera kuti apo anaphonya, nabwereza kachiwiri molondola.

Akubwerera kumpopi anamva mtsikana wina akufunsa ngati alembe papepalapo funso la anganga aja ndi yankho lake. Sisita anati pepala likhale mmene lilili, chifukwa mapepala amayenda ndipo amawerengedwa ndi anthu ambiri. Zimene aona azisunge m'mutu. Anangowauza kuti kuyambira lero nthawi ya mankhwala aziimangirira ku dzuwa, ndipo wodwala akafulumira kunena kuti wamva, asafulumire kumukhulupirira. A Janeti anazindikira pamenepo kuti mayi wa magalasiyo naye ankaopa, ndipo kuti funso lija ankalidziwa kalekale, kungoti analibe pakamwa poti alitulutsire. Izi sizinawatonthoze. Ngati anthu ophunzira monga Sisita akuopa, ndiye kuti choopsacho ndi chenicheni.

M'mawa mwake Lizzie anabwera kuwodi atanyamula kaenvulopu ka mapiritsi, Sisita Doris akumutsata chapatali. Anakoka mpando nakhala pafupi ndi Esteri. A Janeti anawapatsa moni ngati sanaonanepo, iwo n'kuyankha chimodzimodzi. Zonse zinanenedwa monga dzulo, dzuwa, madzi, kanthu kotafuna ngati kalipo. Esteri anali ataphunzitsidwa bwino ndi anganga ake, moti mtsikanayo asanamalize n'komwe anali atayankha kale kuti wamva, zikomo. Lizzie anamupempha kuti abwereze. Esteri anayang'ana anganga ake mwamantha, poyesa kuti walakwa, ndipo a Janeti, amene moyo wawo wonse ankamuuza kuti pamaso pa akuluakulu azichepetsa mawu, anamugwedezera mutu kuti alankhule. Anasokoneza za piritsi loiwalika, Lizzie n'kumukonza mofatsa.

Pageti anapeza Pilato. A Janeti anamasula kadi yawo pamfundo ya chitenje asanafunsidwe, ndi ya Esteri yomwe. Iye anaziyang'ana, nazibweza, kenaka n'kumwetulira.

"Muyende bwino, Mayi Lucy. Mukapereke moni ku tiyiko."

Anayankha kuti iwo ndi a Janeti, zinazo zinali za ana a sukulu. Pilato anangoseka natsegula geti. Kaya kunali kucheza, kaya kunali kuwauza kuti nkhope yawo waisunga, a Janeti sanadziwe, ndipo panalibe woti angamufunse. Mu basi yonse anakhala khanda lili pamiyendo, akuyang'ana galimoto iliyonse yobwera kumbuyo.

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Amake Hudson anali atawasungira nkhuni, ndipo madzulowo anadya makaka ophika, Esteri n'kumwa piritsi lake pamwamba pa chakudya. Limenelo silinawadetse nkhawa a Janeti. Limene ankaliopa linali la m'mawa.

Kutacha, kuwala kutangoyamba kuonekera kuseri kwa phiri, anatunga madzi m'chikho nakhala pamphasa pafupi ndi Esteri. Anamasula kaenvulopu kamene anagona nako m'chiuno, natulutsa piritsi limodzi. Koma sanalipereke. Zonse zimene anamva pansi pa mtengo wa mango zinaoneka zopepuka poyerekeza ndi zimene anakula akudziwa. Kodi kamtsikana kamene kankafunafuna yankho kuseri kwa pepala kangadziwe za m'mimba mwa munthu kuposa amayi awo amene anawabala? Nanga ngati Sisita uja anangonena kuti nkhani ithe, Pilato achoke? Mdzukulu ameneyu anali yekhayo amene anawatsalira.

"Anganga, dzuwa likukwera," anatero Esteri. "Patseni."

Anatenga yekha piritsilo pachikhatho chawo, naliponya m'kamwa, n'kumwera madzi. A Janeti anamuletsa kugona, anamuletsa kuimirira, namuuza kuti akangomva chilichonse anene msanga, asabise. Anakhala akumuyang'ana pamilomo ndi m'maso. Khanda linadzuka n'kuyamba kuyamwa. Kunja nkhuku za eni zinkapalasa, ndipo anthu a ganyu ankadutsa panjira akukamba za mvula.

Patapita nthawi Esteri anati mtima ukuchita ngati nseru, koma pang'ono. A Janeti anadzuka napisa dzanja kudenga pamene anabisa kambale. Munali kachidutswa ka makaka kamene anapatula pa gawo lawo dzulo, Esteri akuyang'ana kumbali. Anakanyema pawiri, theka n'kumupatsa, theka n'kubwezera m'kambale kuti lidikire dzuwa likafika pamutu.

Esteri anatafuna pang'onopang'ono. Nseru ija inatsika. Anafunsa ngati anganga ake adyako, iwo n'kumuuza kuti asamalankhule ali ndi chakudya m'kamwa, angatsamwe. Kenaka anamanganso mapiritsi aja m'chiuno, mfundo ziwiri, poti ana a amake Hudson anali atayamba kale kusuzumira pakhomo kudzaona khanda.